Mmene Chigiriki chakale chimanenera “ngati”

M'zaka za m'ma 300 Khristu asanabadwe, mzinda wa Atene sunkadzidyetsa wokha. Dziko la Atika ndi la miyala, labwino ku mitengo ya azitona ndi mpesa, koma tirigu wake sankakwanira chinamtindi cha anthu a mumzindawo. Tirigu wambiri ankabwera pa zombo, wina kuchokera kutali ku Nyanja Yakuda, n'kudzatsitsidwa pa doko la Pireyo. Choncho munthu wophika buledi wogulitsa ku Atene moyo wake unkatsamira pa wamalonda wina amene ali kutsidya la nyanja, ndipo nkhani zake za tsiku ndi tsiku zinali zodzaza ndi mawu akuti “ngati”. Ngati watumiza. Akatumiza. Akadatumiza. Atatumiza.

Ife olankhula Chichewa tikumva kale kuti mawu anayiwo sakufanana. Wonena kuti “akadatumiza” wataya kale mtima, wonena kuti “akatumiza” akudikira, wonena kuti “atatumiza” akungoganizira. Chigiriki chakale chinalinso ndi masiyanidwe oterewa, ndipo chinkawaonetsa ndi zida ziwiri zokha: timawu ting'onoting'ono titatu, ndi kasinthidwe ka mneni. Timawuto ndi εἰ, ἐάν ndi ἄν, timene m'zilembo zathu tingatilembe kuti *ei*, *ean* ndi *an*. M'zitsanzo zili m'munsizi, kamzere kapamwamba pa ē ndi ō kakuonetsa kuti liwulo ndi lotalika.

Chiganizo chotere chili ndi mbali ziwiri. Mbali ya “ngati” akatswiri amaitcha purotasisi, ndipo mbali yonena zotsatira amaitcha apodosisi. Kuti mudziwe mtundu wa chiganizo muyenera kuyang'ana mbali zonse ziwiri, chifukwa nthawi zina chizindikiro chenicheni chimabisala m'mbali yachiwiri. Tiyeni titenge chiganizo chimodzi cha wophika buledi uja, tiziyenda nacho.

Njira yoyamba ndi yosavuta kuimanga, koma ndi imene yasokoneza anthu ambiri. Wophika buledi akuti: *ei pempei siton, agorazomen*. Ngati akutumiza tirigu, ndiye kuti tikugula. Apa pali *ei*, kenako mneni *pempei* ali m'kanenedwe wamba kofotokozera zinthu, kamene amakatcha indikativu. Ndi kanenedwe komweko kamene munthu amagwiritsa ntchito ponena kuti dzuwa latuluka kapena mwana akudya. Mneniyo akhoza kukhala wa nthawi ino kapena yakale, ndipo mbali yachiwiri ikhoza kukhala chilichonse, ngakhale funso kapena lamulo.

Popeza indikativu ndi kanenedwe ka zinthu zenizeni, aphunzitsi ena akhala akuuza ophunzira kuti mtundu uwu umatanthauza kuti chinthucho ndi choona, kotero kuti *ei* wake azimasuliridwa kuti “popeza”. Chiphunzitso chimenechi chafika mpaka m'maguwa. Chipangano Chatsopano chinalembedwa m'Chigiriki cha anthu wamba chotchedwa Koine, ndipo mlaliki amene analawako Chigiriki ku koleji amatha kuuza mpingo kuti pamene Baibulo lawo lalemba “ngati”, mawu oyambirira akunena “popeza”. Kawirikawiri izi ndi zolakwika, ndipo umboni wake uli poyera.

Pa Mateyu 12:27-28 pali ziganizo ziwiri za mtundu umenewu zotsatizana. Yesu akuyankha Afarisi amene amunena kuti amachotsa ziwanda ndi mphamvu ya Belezebule. M'vesi loyambalo akutenga maganizo awowo n'kuwafunsa kuti nanga ana awo amachotsa ziwanda ndi mphamvu ya yani. M'vesi lotsatira akutenga maganizo otsutsana nawo, oti mphamvuyo ndi ya Mzimu wa Mulungu. Mavesi onse awiri ali ndi *ei* ndi mneni yemweyo wa indikativu, *ekballō*. N'zosatheka kuti zonse ziwiri zikhale zoona. Mukaika “popeza” m'vesi loyamba, mwamuchititsa Yesu kuvomera mlandu umene akuukana. Chimodzimodzinso pa 1 Akorinto 15, pamene Paulo akuunjika ziganizo za mtundu womwewu zoyambira pa ganizo loti akufa sauka, ganizo limene mutu wonsewo walembedwera kuligwetsa.

Mu 1981 katswiri wina wa ku Amereka, James Boyer, anasanthula ziganizo zonse za mtundu uwu m'Chipangano Chatsopano, zimene zilipo pafupifupi 300. Anapeza kuti pa 100 zilizonse, 37 zimanena chinthu choonekeratu kuti ndi choona, 12 zimanena chinthu choonekeratu kuti ndi chabodza, ndipo 51 sizitsimikizika. Tanthauzo lake ndi lakuti mtundu uwu sulumbirira chilichonse. Wolankhula akungoika mfundo pabwalo n'kunena kuti tiyeni tiigwire kaye monga ilili, tione kumene ikutifikitsa. Amene anakhalapo pa bwalo la milandu kwa amfumu amaidziwa njira imeneyi: nkhoswe imatha kunena kuti “Chabwino, ngati mbuziyo ndi yanu, tiuzeni mwana wake woyamba munagulitsa kwa yani,” pomwe iyo sikukhulupirira n'komwe kuti mbuziyo ndi ya munthuyo. Kuti mudziwe ngati wolankhula akukhulupirira mfundo yake, muyenera kuwerenga nkhani yonse. Galamala payokha siyankha.

Njira yachiwiri ndi yokhayo imene imatsekeratu chitseko. Wophika buledi waima pa doko, zombo zafika koma tirigu wake mulibe. Akuti: *ei epempse siton, ēgorasamen an*. Akadatumiza tirigu, tikadagula. Mbali yoyamba ili ndi *ei* ndi mneni wa nthawi yakale, mbali yachiwiri ilinso ndi mneni wa nthawi yakale, koma pawonjezeka kamawu kaja *an*. Kamawuka kalibe tanthauzo lake pakokha, simungakamasulire ndi liwu limodzi, koma ndi kamene kanyamula katundu yense. Kachotseni, mutsale ndi *ei epempse siton, ēgorasamen*, ndipo chiganizo chabwerera ku mtundu woyamba: ngati anatumiza tirigu, ndiye kuti tinagula. Awa ndi mawu a munthu amene akufufuza m'mabuku a malonda a chaka chatha, osati a munthu wodandaula. Mbali yoyamba ndi yofanana ndendende m'ziganizo ziwirizi. Wowerenga amene amathamangira kumasulira asanafike kumapeto kwa chiganizo amagwa pomwepa.

Mkati mwa mtundu uwu muli masiyanidwe a nthawi. Mneni *epempse* ali m'nthawi yotchedwa ayorisiti, imene imaona chochitika ngati chinthu chimodzi chathunthu, ndipo nthawi zambiri imaloza zakale. Pali nthawi ina yakale yotchedwa impafekiti, yoona chochitika chili mkati, ndipo m'ziganizo zoterezi kawirikawiri imaloza za lero: *ei epempe siton, ēgorazomen an*, akadakhala kuti akutumiza tirigu, bwenzi tikugula. Kusiyana kwa *epempse* ndi *epempe* ndi chilembo chimodzi. Koma lamuloli lili ndi malire. Mneni wa Chigiriki wotanthauza “kukhala” alibe ayorisiti, choncho impafekiti yake imagwira ntchito zonse ziwiri. N'chifukwa chake pa Yohane 11:21, pamene Marita akudandaulira Yesu kuti sanalipo pamene mlongo wake Lazaro ankamwalira, mneni wa mbali yoyamba ndi impafekiti *ēs*, ngakhale kuti nkhani ndi ya masiku apitawo.

Ngakhale pano, chimene galamala ikuonetsa ndi maganizo a wolankhula. Pa Luka 7:39 Mfarisi amene anaitana Yesu ku chakudya akuona mkazi wodziwika ndi mbiri yoipa akukhudza mapazi a mlendo wake, ndipo mumtima mwake akuganiza kuti mneneri weniweni akadamuzindikira mkaziyo. Ganizo lakelo Luka walilemba m'mtundu wachiwiri, ndi *an* wake. Mfarisiyo watseka chitseko: kwa iye Yesu si mneneri. Koma nkhani yotsatira ikuonetsa Yesu akuyankha zimene munthuyo sanazitulutse pakamwa. Luka anasankha mtundu umenewu kuti tione kutsimikiza kwa Mfarisiyo, kenako tione kutsimikizako kukugwa. Ine ndimaona kuti chitsanzo ichi chimaphunzitsa bwino kuposa lamulo lililonse, chifukwa chikuonetsa kuti munthu akhoza kunena “akadakhala” ndi mtima wonse pa chinthu chimene chilidi.

Njira yachitatu ndi ya zinthu zimene sizinatsimikizike, zimene zikudikira nthawi. Apa *ei* waphatikana ndi *an* kupanga *ean*, ndipo mneni walowa m'kanenedwe kena kotchedwa sabujankitivu, kamene kamadziwika ndi liwu lotalika kumapeto. Wophika buledi akuti: *ean pempsē siton, agorasomen*. Akatumiza tirigu, tidzagula. Uyu ndi munthu amene ndalama zake zili kale m'thumba. Sakunena kuti tirigu abweradi, koma akuiona nkhaniyo ngati yamoyo, yoti mawa kapena mwezi wamawa idziwika. Malamulo a mizinda ya Agiriki, mapangano a malonda ndi malonjezo amakonda mtundu umenewu, ndipo chifukwa chake n'chomveka: lamulo limanena za mlandu umene sunachitike koma ungachitike tsiku lililonse.

Pulutaki, amene analemba cha m'ma 100 Khristu atabadwa, anasunga kankhani kena kokhudza mtundu uwu. Filipo, mfumu ya ku Makedoniya imene inalamulira kuyambira 359 mpaka 336 Khristu asanabadwe, analembera anthu a ku Sipata kalata yowaopseza kuti akalowa m'dziko lawo adzawasandutsa bwinja. Asipata anayankha ndi liwu limodzi, *aika*, lomwe ndi *ean* wa m'kalankhulidwe ka kwawoko. Anangomubwezera mbali yoyamba ya chiganizo chake, kumukumbutsa kuti mawu ake omwe akuvomereza kuti sanalowe.

Mtundu womwewu uli ndi ntchito ina imene Mchewa sangavutike kuimva. Sinthani mbali yachiwiri, muike mneni wa nthawi ino: *ean pempē siton, agorazomen*. Akatumiza tirigu, timagula. Tsopano si za mawanso, ndi chizolowezi, chinthu chimene chimachitika nthawi iliyonse pamene chinzake chachitika. Chichewa chikuchita chimodzimodzi: “akatumiza” sasintha, ndipo ndi “tidzagula” kapena “timagula” amene amatiuza ngati tikunena za tsiku limodzi lakutsogolo kapena za nthawi zonse.

Pali msampha umodzi wa kalembedwe. Olemba a ku Atene nthawi zina ankafupikitsa *ean* kukhala *ēn* kapena *an*, ndipo *an* wofupikitsidwayu amaoneka ngati kamawu kaja ka mtundu wachiwiri. Njira yowasiyanitsira ndi malo awo. Kamawu ka mtundu wachiwiri sikayamba chiganizo, kamatsamira pa liwu lina lakumbuyo kwake. Mukaona *an* ataima patsogolo, mneni wa sabujankitivu akumutsata, ameneyo ndi “ngati”.

Njira yachinayi ndi ya kungoganizira. Mneni amalowa m'kanenedwe kotchedwa oputativu, kamene kawirikawiri kamadziwika ndi *oi* kapena *ai* m'kati mwake, ndipo *an* amabweranso m'mbali yachiwiri: *ei pempoi siton, agorazoimen an*. Atatumiza tirigu, tingagule. Wophika buledi sakudikira chombo chilichonse apa. Mwina akucheza ndi mnzake za wamalonda wina wa ku Iguputo amene sanachitepo naye malonda. Chinthucho n'chotheka, koma wachiika patali, m'maganizo. Mtundu uwu ulinso ndi ulemu mkati mwake. M'zokambirana zimene Pulato analemba, anthu amaugwiritsa ntchito pofuna kupereka ganizo popanda kuumiriza mnzawo, monga momwe ife timanenera kuti “Mutandithandiza, ndingayamike” m'malo mwa “Mukandithandiza, ndidzayamika”. Kutalika kwake sikuchokera pa kuwerengera mwayi woti chinthucho chichitike. Kukuchokera pa mtunda umene wolankhula wasankha kuima.

Apanso mbali yachiwiri ikhoza kutembenuza zonse. *Ei pempoi siton, ēgorazomen*, wopanda *an* ndiponso wokhala ndi impafekiti, akutanthauza kuti ankati akatumiza tirigu, ife tinkagula. Ndi chizolowezi cha kale, mawu a nkhalamba yokumbukira masiku a malonda abwino.

Oputativu sanakhalitse. Pofika nthawi ya Chipangano Chatsopano anali akutha m'kamwa mwa anthu wamba, ndipo m'mabuku onse 27 amapezeka kosakwana ka 70. Mulibe chiganizo ngakhale chimodzi cha mtundu wachinayi chokhala ndi mbali zonse ziwiri zokwanira. Muli zidutswa chabe, monga pa 1 Petro 3:14, pamene mneni wonena za kuzunzika ali mu oputativu, *paschoite*. Zotsatira zake ndi zakuti *ean* ndi sabujankitivu anasenza ntchito imene kale inali ya oputativu. Choncho munthu akapeza mtundu wachitatu m'makalata a Paulo asafulumire kunena kuti chinthucho chikuyembekezeka kuchitika. Pa Agalatiya 1:8 Paulo akugwiritsa ntchito *ean* ponena za mngelo wochokera kumwamba wolalikira uthenga wosiyana, chinthu chimene sanali kuchiyembekezera. Wolemba wa ku Atene wa zaka 400 m'mbuyo mwake akadatha kuchiika mu oputativu. Malamulo a Chigiriki cha Pulato sangasamutsidwe onse momwe alili n'kuikidwa pa Chigiriki cha asodzi ndi osoka mahema.

Amene angatsegule mabuku awiri a galamala ya Chigiriki apeza kuti mitunduyi siiwerengedwa mofanana, ndipo kusiyanaku kuli ndi mbiri yake. William Goodwin wa ku Harvard, amene buku lake la aneni a Chigiriki linatuluka koyamba mu 1860, anasanja ziganizozi motsata nthawi: zakale, za lero, za m'tsogolo, komanso ngati zikunena za chochitika chimodzi kapena za chizolowezi. Kwa iye mtundu wachitatu ndi wachinayi onse ndi a m'tsogolo, wina wooneka bwino m'maso mwa wolankhula, wina wozimirira. Basil Gildersleeve wa ku Johns Hopkins ankaona kuti chachikulu ndi kanenedwe ka mneni, ndipo A. T. Robertson, m'galamala yake yaikulu ya Chipangano Chatsopano ya mu 1914, anatsata njira imeneyo ya mitundu inayi imene masukulu ambiri a zaubusa amaphunzitsa mpaka lero. Gildersleeve anaonanso chinthu china chaching'ono: m'masewero a ku Atene, *ei* akatsatana ndi mneni wa m'tsogolo wa indikativu m'malo mwa *ean*, kawirikawiri mawuwo amakhala oopseza kapena ochenjeza. Wophika buledi akafika ponena kuti *ei mē pempseis*, “ngati sutumiza”, ndiye kuti ubwenzi wa malonda wafika pa lupanga. Njira ziwirizi sizitsutsana pa zimene ziganizo zikunena. Ya Goodwin imathandiza kwambiri powerenga olemba a ku Atene, kumene oputativu ali ponseponse, ndipo ya Robertson imakwanira bwino Chigiriki cha Koine.

Malo amodzi amene zonsezi zimayesedwa ndi Machitidwe 5:38-39. Atumwi agwidwa, bwalo lalikulu la Ayuda lapsa mtima mpaka kufuna kuwapha, ndipo Gamaliyeli, mphunzitsi wa malamulo wolemekezeka, akuimirira n'kulangiza kuti awasiye. Mfundo yake ili pawiri: ntchito yochokera kwa anthu idzagwa yokha, yochokera kwa Mulungu palibe angaigwetse. Mbali zachiwiri za ziganizo zonse ziwiri zili m'nthawi yam'tsogolo, choncho munthu angayembekezere kuti mbali zoyamba zifananenso. Sizikufanana. Ganizo loti ntchitoyo ndi ya anthu lili ndi *ean* ndi sabujankitivu *ē*, pomwe ganizo loti ndi ya Mulungu lili ndi *ei* ndi indikativu *estin*.

Amene amati mtundu woyamba ndi “popeza” amafika pano n'kunena kuti Gamaliyeli ankakhulupirira atumwi mobisa. Taona kale kuti *ei* salumbirira zotere, ndipo bwalo lokwiya lija silikadamvera munthu amene wangovomera poyera kuti akaidiwo ndi a Mulungu. Komabe kusinthako si kwachabe. Ganizo loyamba ndi la chinthu chimene nthawi yokha idzaonetsa, monga inaonetsera pa Teuda ndi pa Yudasi wa ku Galileya, atsogoleri awiri amene Gamaliyeli wangowatchula kumene, omwe anthu awo anabalalika iwo atafa. Mtundu wachitatu ndi woyenera pamenepo, mtundu wa kudikira. Ganizo lachiwiri ndilo limene akufuna kuti bwalo liligwire ndi manja awiri tsopano lino, chifukwa ndi lokhalo lili ndi ngozi kwa iwo: angapezeke akulimbana ndi Mulungu. Akuliika m'kanenedwe kolunjika kuti asalizembe. Tisaiwalenso kuti Chigiriki chimene tikuwerengachi ndi cha Luka, amene anali ndi mbali yake m'nkhaniyi ndipo ankadziwa bwino kusankha aneni. Kuika ganizo loti ntchitoyo ndi ya Mulungu mu indikativu kunkagwirizana ndi zimene iye ankafuna kuti wowerenga atsale nazo, popanda kuika chivomerezo m'kamwa mwa Gamaliyeli. Bwalo linamvera uphunguwo pang'ono: atumwi anakwapulidwa, analetsedwa kulalikira, kenako anamasulidwa.